Kuika uthenga pa Facebook masana kapena madzulo ku Salima

Wogulitsa chambo ku Senga Bay, amene makasitomala ake amakhala kuntchito kapena kusukulu, angaike uthenga pa nthawi yopuma masana kapena madzulo.

Masana, pakati pa 12 koloko ndi 1 koloko, ogwira ntchito amangosuzumira foni mothamanga, choncho amaona chithunzi ndi mtengo koma kawirikawiri sayankha. Madzulo, cha m'ma 7 koloko, anthu amawerenga modekha n'kufunsa mafunso, ngakhale kuti magetsi akazima mafoni ambiri amakhala atatha moto.

Masana akuyenera wogulitsa nsomba zaziwisi, chifukwa wogula amadzazitenga poweruka zisanaonongeke. Madzulo akuyenera wolengeza maphunziro apadera, makamaka Lachisanu, popeza ophunzira ambiri saloledwa kugwira foni kusukulu ndipo makolo amakhala pakhomo.