Nyenyezi zitatu: yesani linki pa WhatsApp musanamalize kuwalipira

Ndimajambula zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Lilongwe, ndipo ku kampani ina yopanga mawebusaiti ndinatenga phukusi lawo lapakati la K380,000, la webusaiti ya masamba anayi ndi domeni, kutanthauza adiresi yake ya pa intaneti, ya chaka chimodzi. Ntchito yathuyi imayenda ndi kutumizirana. Wokongoletsa holo, wophika keke kapena mkulu wa zoimbira akafunsidwa kuti wojambula wabwino ndi ndani, amafuna chinthu chimodzi choti aponye pa gulupu basi. Zimenezi ndinawafotokozera bwana wa kampaniyo tsiku loyamba lomwe, iwo nkumangogwedeza mutu maso ali pa foni.

Pa laputopu ya mu ofesi mwawo webusaitiyo inkaoneka bwino zedi, sindinama. Ndinamaliza kulipira, nkukasindikiza makhadi okhala ndi kachidindo ka QR kumbuyo.

Chimene chandilembetsa ndemangayi ndi ichi. Mayi ena okongoletsa maholo, amene takhala tikugwira nawo ntchito, anaponya linki yanga pa gulupu ya komiti ya ukwati wina waukulu. Linki ikaponyedwa pa WhatsApp pamabwera kabokosi kokhala ndi chithunzi, mutu ndi mawu ochepa. Pa yanga panabwera mawu akuti "Just another WordPress site", dzina langa kulibe, ndipo chithunzi chake chinali cha nyumba ya galasi ya kunja, chotsalira pa chikombole chimene anamangirapo webusaitiyo. Masiku ano aliyense amaopa malinki a akuba a "mwawina ndalama". Wapampando wa komitiyo analemba kuti, "Mayi, chonde chotsani chimenechi, anthu angaberedwe." Awiri atatu amene analimba mtima nkutsegula anabwerera akudandaula kuti tsamba likungozungulira ndipo bandulo yatha asanaone nkhope ya mkwatibwi ngakhale mmodzi. Mayiwo ananditumizira zonsezi, pansi pake nkulemba kuti, "Achimwene, mwandichititsa manyazi." Ntchito inapita kwa wina. Yandipweteka ndi ntchitoyo, koma kwambiri mawu a mayiwo, chifukwa munthu amene wachita manyazi chifukwa cha iwe sadzakutchulanso msanga.

Nditapita ku ofesi, bwanawo anatsegula webusaitiyo pa laputopu yawo yomwe ija, pa intaneti ya mu ofesi, nkunditembenuzira. "Mwaonatu bambo, ikutseguka. Vuto ndi mafoni a anthu anuwo." Anthu anga! Nanga ukwati amakonza ndi anthu a malaputopu okhaokha? Anawonjezera kuti za WhatsApp sizinali m'pangano, ndikafuna ndilipire padera. Bambo ameneyu ulemu alibe, ndipo nyenyezi ziwiri zimene ndachotsazo ndi zake.

Zitatuzo ndi za mtsikana wina amene amakhala pa desiki ya pakona. Anamva zonse, ndipo bwanawo atatuluka anandiitana kuti, "Bambo, tabwerani tione." Anayamba ndi kulowetsa adiresi yanga pa pagespeed.web.dev, poyezera liwiro la webusaiti, nkusankha mbali ya foni. Panaoneka kuti tsamba loyamba linali ndi zithunzi 24 zosinthana zokha, chilichonse pafupifupi 2 MB, ndipo zonse zinkatsika nthawi imodzi munthu akangotsegula. Ndiye kuti 48 MB kungosuzumira pakhomo. Anati zithunzizo anangoziponyamo mmene ndinawapatsira, osazikonza, pamene foni yonse ndi kachikhatho chabe.

Mmene anakonzera ndi momwe ndinaphunzirira kanthu. Chithunzi chilichonse anachichepetsa kufika mapikiselo 1600 m'lifupi nkuchisunga ngati WebP, chikulemera pakati pa 150 ndi 200 KB. Ine amene ndimakangana ndi anthu pa nkhani ya kuwala kwa chithunzi ndinayang'anitsitsa pa foni yanga, kusiyana sindinakuone. Kenako anandiuza kuti ndisankhe zisanu ndi zinayi zokha za patsamba loyamba. Apa tinalimbana pang'ono, chifukwa kwa wojambula chithunzi chilichonse ndi mwana wake. Koma mfundo yake inali yomveka: amene walandira linki kwa mnzake sanabwere kudzayendera chionetsero, akufuna kuona ngati umatha, uli kuti, ndipo akupeza bwanji. Zotsalazo anaziika m'masamba a mkati, zoti zizitsika pokhapokha munthu akafika pamene zili. Tsamba loyamba linatsika kufika pansi pa 2 MB.

Za kabokosi ka pa WhatsApp kaja, anandionetsa kuti kamawerenga timizere tobisika kumutu kwa tsamba, timene palibe anavutika kutilemba. Tiwiri mwa ito ndi iti:

```html
<meta property="og:title" content="Dzina Lanu | Zithunzi za maukwati, Lilongwe">
<meta property="og:image" content="https://adiresiyanu.com/chikuto.jpg">
```

Chithunzi cha pamenepo anachidula 1200 kwa 630, cha JPG, chopepuka ndithu, chifukwa chikalemera kwambiri WhatsApp imangochisiya nkuonetsa linki yopanda kanthu. Tinasankha cha akwati akuvina pa perekaniperekani, choti munthu akangoona adziwe kuti ndi ukwati wa kwathu konkuno. Titayesa kutumiza, panabwerabe nyumba ya galasi ija, mtima wanga nkuyambanso kutentha. Iye anaseka, nati foni ikukumbukira zakale, nkuwonjezera `?v=2` kumapeto kwa linki. Pompo panatuluka chithunzi changa ndi dzina langa.

Anachotsanso fomu yaitali imene kampaniyo inaika pa tsamba lolumikizirana, yofunsa dzina, imelo, mutu ndi uthenga. Titaiyesa tinapeza kuti mauthenga ake sankafika kulikonse, ndipo sindidziwa kuti ndi angati analemba nkumadikira yankho langa. M'malo mwake anaika batani limodzi lobiriwira lopita ku `wa.me/265` kutsatira nambala yanga yopanda ziro woyambirira. Munthu akadina, akulankhula nane kale. Zonsezi anazichita masana amodzi, osandilipiritsa kalikonse, ndipo ya fanta imene ndinamupatsa anachita kukakamizidwa.

Ndiye kunena zoona luso mu ofesi imeneyi lilimo. Webusaitiyo tsopano ikugwira ntchito imene ndinaigulira. Mkulu wina wa zoimbira anaitumiza kwa achibale ake a ku Joni amene akukonza chinkhoswe ku Dedza, ndipo uthenga wawo woyamba unabwera kudzera pa batani lija.

Koma nkhani imodzi sinathe. Domeni anailembetsa m'dzina la kampani yawo ndi imelo yawo, osati yanga. Izi zikutanthauza kuti uthenga wokumbutsa kulipira chaka chikamatha udzapita kwa iwo, ndipo akadzaiwala kapena tikadzayambana, makhadi anga onse ndi malinki onse amene anthu anatumizirana adzaloza pachabe. Ndinapempha nambala yachinsinsi yosamutsira domeni, imene pa sikirini imalembedwa kuti EPP code. Poyamba anati domeni yatsopano singasamutsidwe masiku 60 asanathe, zomwe ndi zoona pa .com. Masikuwo anadutsa kalekale, koma bwanawo akungoti "tikuuzani".

Ngati mukupita kumeneko, alembe m'pangano kuti domeni ikhala m'dzina lanu ndi imelo yanu, ndipo akupatseni mapasiwedi onse. Theka lomaliza la ndalama musapereke mu ofesi muja. Tulukani panja, zimitsani Wi-Fi, tumizani linki kwa mnzanu amene ali ndi foni yotchipa ndi bandulo ya tsiku limodzi, akuuzeni chimene chabwera pa kabokosi ndiponso ngati tsamba latseguka. Ndipo mufunse kuti ntchito yanu agwire ndi mtsikana wa pakona uja.