Gulu kapena Mmodzimmodzi: Kufunsa Atsikana za Kusiya Sukulu

Tinene kuti kafukufuku wanu wa ku yunivesite akufufuza chimene chimachititsa atsikana kusiya sukulu ya sekondale. Mukasonkhanitsa atsikana 6 mpaka 8 pamodzi kwa ola limodzi, mumva zimene mudzi wonse umavomereza kunena: fizi, kutalika kwa mtunda, kusowa kwa yunifolomu. Wina akayamba, mnzake amaonjezera kapena kutsutsa, ndipo phindu la gulu lagona pa kutsutsanako. Koma pamakhala mmodzi wolongolola, ena n'kumangoti “ndi zomwezo.” Mukaikamonso aphunzitsi, basi, pakamwa patsekeka.

Za mimba, kapena za mwamuna wina amene ankamupatsa ndalama, mtsikana sanganene pamaso pa anzake amene mawa akumana nawo pamjigo. Izi zimatuluka mukakhala awiriwiri, mwina patatha mphindi 30 mukucheza zina. Pa mutu uwu ine ndingasankhe njira imeneyi, ngakhale imatopetsa: kulemba mawu onse amene mwajambula pa kucheza kwa ola limodzi kumadya maola anayi kapena kuposa.

Posanthula, werengani zolembazo kawiri, kenako ikani kachizindikiro pa mawu alionse ofunika. “Amayi anadwala, ndinkaphika ndine” mungalembepo kuti ntchito zapakhomo. Zizindikiro zofanana zikakumana zimabala mutu, monga “mtsikana amalowa m'malo mwa mayi.” Mukaona kuti mitu yanu ikungofanana ndi mafunso amene munafunsa, dziwani kuti mwangosanja mayankho, simunasanthule. Ndipo za m'gulu musawerenge ngati maganizo a anthu 8 osiyana, poti ankamverana.