Sikimu ndi Lesoni Pulani: Kusiyana Kwake ndi Kayalidwe Kake

Aphunzitsi anzanga, makamaka inu amene mwangoyamba ntchito kupulayimale, zolemba ziwirizi zimasokoneza chifukwa mitu ina imapezeka monsemo. Koma zimayankha mafunso osiyana. Sikimu imanena zomwe muphunzitse sabata iliyonse mpaka teremu itatha. Lesoni pulani imanena momwe muphunzitsire phunziro limodzi, kwa ana amene ali pamaso panu tsikulo, m'mphindi 35, kapena 30 ngati muli ku Sitandade 1 ndi 2.

Sikimu imalembedwa teremu isanayambe. Mumakhala pansi ndi silabasi, buku la mphunzitsi, buku la ophunzira ndi kalendala ya sukulu, n'kuwerenga masabata ophunzitsira enieni mutachotsa maholide ndi nthawi ya mayeso. Imayalidwa m'mizati pamasamba awiri oyang'anizana. Pamwamba pali phunziro, sitandade, teremu ndi chaka. Mizati yake ndi sabata ndi masiku, zizindikiro za kakhozedwe, ntchito yokonzedwa, njira zophunzitsira ndi zoyesera, zipangizo, ndi mabuku pamodzi ndi masamba ake. Mizati yakumapeto, ya zomwe zachitika ndi ndemanga, imakhala yopanda kanthu mpaka sabatayo itaphunzitsidwa.

Lesoni pulani imalembedwa mawa lake mukukaphunzitsa, ndipo imatengedwa musikimu. Imayalidwa chotsika: sitandade, tsiku, nthawi, phunziro ndi mutu, kenako zizindikiro za kakhozedwe ndi zipangizo. Pansi pake tsamba limagawidwa pawiri, ntchito ya mphunzitsi kumanzere, ntchito ya ophunzira kumanja, kuyambira chiyambi, masitepe, mpaka mathero. Kumunsi kwenikweni mumasiya malo ounikira phunziro.

Titenge Masamu a Sitandade 3, kuchotsera mobwereka. Musikimu nkhani yonseyi ikhoza kukhala mizere itatu: ophunzira achotsera nambala mobwereka, njira ndi kuonetsa ndi ntchito ya m'magulu, zipangizo ndi timitengo. Mizere itatuyo iyenera kubala maphunziro angapo, ndipo la Lolemba siliyenera kufanana ndi la Lachinayi.

Pulani ya Lolemba ndiye imalowa m'kati. Chizindikiro cha kakhozedwe chikhale chooneka ndi maso: ophunzira achotsera nambala za madijiti awiri mobwereka pogwiritsa ntchito timitengo. Musalembe kuti "ophunzira amvetsa", chifukwa kumvetsa simungakuchonge m'kope. Mphindi 5 za chiyambi, ana apeze 58 − 23, samu yosabwereka yomwe anaidziwa kale. Mphindi 10 zotsatira muonetse 52 − 27: mitolo isanu ya timitengo khumikhumi ndi timitengo tiwiri tapadera. Pa tiwiri simungachotse 7, ndiye mumamasula mtolo umodzi, tapaderato n'kukhala 12, mitolo n'kutsala inayi, yankho 25. Kumanja kwa tsamba kulembedwe zomwe ana akuchita nthawi imeneyo: akuwerenga mitolo, mmodzi akumasula mtolo kutsogolo. Mukaona kuti mbali imeneyi yangodzaza ndi mawu akuti "kumvetsera", dziwani kuti mwakonza zolankhula nokha. Mphindi 15 zipite ku magulu ndi ntchito ya m'makope, 5 zomaliza mathero.

Pochonga mupeza ena alemba 35 pa samu ya 52 − 27. Amenewa achotsa 2 pa 7 m'malo mobwereka, kapena abwereka koma aiwala kuchepetsa mitolo. Zimenezi ndiye zoyenera kulemba pounikira phunziro, pamodzi ndi chomwe muchite mawa. Sikimu sikanadziwiratu zimenezi, poti inalembedwa ana ali patchuthi. Ichi n'chifukwa chake ine ndimakana zolemberatu mapulani a teremu yonse, ngakhale ndikudziwa kuti kulemba usiku uliwonse n'kotopetsa kwa munthu wa maphunziro ambiri ndi kalasi yodzaza.

Lachisanu mumabwerera kusikimu kukadzaza mizati ija. Kungolemba kuti "zaphunzitsidwa" sikuthandiza aliyense. Lembani kuti ambiri akubwereka bwino ndi timitengo koma akulephera popanda timitengo, ndipo mubwereza Lolemba. Ngati mvula inabalalitsa kalasi yapansi pa mtengo Lachitatu, lembani kuti ntchitoyo yasunthira sabata yamawa. Mphunzitsi amene angatenge kalasi yanu mukadwala kapena mukasamutsidwa amayambira pamenepo, ndipo ahedi kapena mlangizi wa zoni akabwera amayerekeza tsiku la pulani, sabata ya sikimu ndi makope a ana kuti aone ngati zikugwirizana.

Amene ali ndi sikimu yokha amamuzindikira belu likalira akadali pa chitsanzo choyamba, ana asanalembe kanthu. Amene amalemba mapulani osayang'ana sikimu amaphunzitsa bwino tsiku ndi tsiku, koma mayeso amamupeza mitu itatu yomaliza asanaikhudze.