Light Groups ya mu Blender yathandiza kusakaniza kuwala kwa pazenera ndi kwa nyale, koma samalani ndi timadontho

Nyenyezi zinayi mwa zisanu. Light Groups, njira yogawa kuwala m'magulu porenda, inabwera mu Cycles kuyambira Blender 3.2, ndipo pa zithunzi za pabalaza pomwe dzuwa ndi nyale zikuwalira limodzi, imapulumutsa nthawi kwambiri. Mumarenda kamodzi, kenako mphamvu ya kuwala kulikonse mumaisintha mu Compositor.

Tinaiyesa pa chipinda cha mamita 5 m'litali ndi 4 m'lifupi, chokhala ndi zenera limodzi lalikulu ndi nyale ziwiri pafupi ndi sofa. Mu View Layer tinapanga magulu awiri, `zenera` ndi `nyale`. World, yokhala ndi Sky Texture, inalowa m'gulu loyamba. Nyale zinalowa m'lachiwiri, mtundu wake wochokera ku Blackbody pa 2700 K. Magulu awiriwo amaphatikizidwa ndi Mix yoikidwa pa Add. Musaiwale nyale ina iliyonse, chifukwa yomwe simunaipatse gulu siioneka m'chithunzi chophatikizacho.

Masana, nyale sizimaoneka n'komwe, monga zimakhaliranso m'nyumba yeniyeni. Titatsitsa gulu la `zenera` ndi Exposure pa -2, kuwala kwachikasu kunayamba kuonekera pakhoma ndi pamkono wa sofa, pomwe pansi pafupi ndi zenera panatsalabe kabuluu pang'ono. Apa ndiye pokoma. Koma kutsitsako sikusuntha dzuwa. Mithunzi imakhalabe yamasana, ndipo diso limadziwa kuti china chake chalakwika. Ngati mukufuna madzulo, tsitsani Sun Elevation kufika pa madigiri 10 kapena kucheperapo musanarende.

Nyenyezi imodzi tachotsa chifukwa cha timadontho totsala pa chithunzi. Magulu amatuluka osayeretsedwa, choncho lililonse limafuna Denoise yakeyake, mutayatsa Denoising Data. Gulu lomwe linarendedwa lofooka mukalikweza, timadontho take nato timakwera, makamaka kusiling'i pamwamba pa nyale. Ndi bwino kurenda nyale zili zowala ndithu, n'kuzitsitsa pambuyo. Galasi la zenera nalonso limabweretsa vuto lomweli ngati lili Glass BSDF, chifukwa kuwala kumavutika kudutsa. Zimitsani Shadow pa Ray Visibility ya galasilo, ndipo ikani Area light ya Portal yofanana kukula ndi zenera, yoloza m'kati.

Zoti khoma loyera lioneke loyera si ntchito ya Light Groups. Imeneyo ndi ya White Balance, yomwe ili mu Color Management kuyambira 4.3. Pa 6500 K nyale zinafiira ngati moto wa makala. Pa 3000 K zenera linasanduka buluu wozizira, sofa yotuwa n'kuoneka ngati yonyowa. Cha pa 4500 K mitundu iwiriyo inagwirizana, ndipo khoma la pakati pa zenera ndi nyale ndi lomwe tinkayang'ana posankha nambalayo.