Kasitomala walipira koma oda ikadali pa Pending payment: zomwe taona patapita miyezi

"Ndalama zikuoneka kuti zalowa ku Stripe, kasitomala watumiza ndi chithunzi cha uthenga wa ku banki, koma mu WooCommerce oda yalembedwa Pending payment, ina yafika mpaka pa Cancelled. Munakonza kalekale, kodi zinagwira mpaka pano?"

Limeneli ndi funso limene ndafunsidwa patapita miyezi titakonza adiresi ya webuhuku, uthenga umene Stripe, kampani yolandirira malipiro, imatumiza ku sitolo munthu akalipira. Zinagwira, koma chimene chathandiza kwambiri pa miyezi yonseyi si kukonza adiresiko ayi. Ndi chizolowezi choyerekeza mabuku awiri tsiku lililonse, la Stripe ndi la sitolo. Webuhuku ndi yodalirika masiku ambiri, koma ikafa imafa mwakachetechete, ndipo woyamba kudziwa amakhala kasitomala amene ndalama zake zapita.

Kuti izi zimveke, tione kaye mmene nkhani yoti munthu walipira imafikira ku sitolo. Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi burawuza ya kasitomala mwiniwake: akamaliza kulipira amabwerera pa tsamba lothokoza, ndipo pulagini imasintha oda nthawi yomweyo. Yachiwiri ndi webuhuku, uthenga umene seva ya Stripe imatumiza ku seva ya sitolo popanda kudutsira pa foni ya kasitomala. Pa pulagini ya Stripe ya WooCommerce uthengawu umapita ku adiresi yothera ndi `/?wc-api=wc_stripe`. Njira yoyamba ikamayenda bwino imabisa kufa kwa yachiwiri, n'chifukwa chake mwini sitolo amati "ma oda ena akudutsa, ena ayi", n'kumaganiza kuti vuto ndi la makhadi ena. Ma oda amene amagwa ndi a anthu amene banki inawatengera ku 3D Secure kukavomereza pa apu, kenako intaneti n'kuduka kapena iwo n'kutseka tsamba asanabwerere. Kwa amenewa webuhuku ndiyo mboni yokhayo.

Nachi chitsanzo cha vuto limene limachitika kawirikawiri. Sitolo yolembetsedwa ku Britain inali pa `example.com`, kenako mwini wake anaganiza zoti alendo onse azipita ku `www.example.com`, ndipo anaika lamulo pa seva lotumiza aliyense kumeneko. Kwa munthu wa pa burawuza palibe chasintha. Koma ku Stripe adiresi ya webuhuku idakali yakale. Nthawi ya 14:05 kasitomala akulipira oda ya mapaundi 48, akuvomereza pa apu ya banki, n'kuika foni m'thumba. Stripe ikutumiza `payment_intent.succeeded` ku adiresi yakale ija, seva ikuyankha 301, kutanthauza kuti "tinasamuka, pitani uko". Stripe sitsatira mayankho otere. Yankho lililonse losayamba ndi 2 imaliwerenga ngati kulephera, ndiye oda ikutsala pa Pending payment.

Tsopano pakubwera chinthu chachiwiri chimene chimakulitsa bala. Mu WooCommerce, pa Settings, Products, Inventory, muli Hold stock (minutes), ndipo nambala yake yoyambira ndi 60. Oda ikakhala yosalipidwa kupitirira mphindi zimenezi, sitolo imaifafaniza yokha n'kumasula katundu amene inasungira munthuyo. Cha m'ma 15:05 kapena kupitirirako pang'ono, oda ya mapaundi 48 ija yasanduka Cancelled, m'mbali mwake mwalembedwa "Unpaid order cancelled - time limit reached". Ngati katunduyo anali mmodzi yekha, wina akhoza kumugula madzulo omwewo. Apa ndiye pamene vuto la pa seva limasanduka ngongole kwa munthu weniweni.

Kudziwa chomwe chachitika sikutenga nthawi ngati mwayang'ana malo oyenera. Mu Dashboard ya Stripe, pa gawo la Webhooks, tsegulani adiresi ya sitolo n'kuona mndandanda wa mauthenga amene anatumizidwa. Uthenga uliwonse uli ndi nambala ya yankho limene seva yanu inapereka, ndipo nambalayo ndiyo imakulozerani kopita. Mukaona 301 kapena 302, ndi nkhani ya kusamuka kwa adiresi: `www`, `http` kupita ku `https`, kapena tsamba lolowera ndi mawu achinsinsi. Mukhoza kutsimikiza nokha:

```
curl -i -X POST "https://example.com/?wc-api=wc_stripe"
```

Yang'anani mzere woyamba wa yankho ndi mzere woyamba ndi `Location:`. Musayese adiresiyi pa burawuza, chifukwa burawuza imatsatira kusamukako mwakachetechete n'kukunamizani kuti zonse zili bwino. Mankhwala ake ndi kulemba ku Stripe adiresi yomalizira yeniyeni, imene siyankha 301.

Yankho la 403 ndi nkhani ina. Nthawi zambiri pali mlonda amene wabweza uthengawo pa chipata: pulagini ya chitetezo, malamulo a kampani yosunga seva, kapena Bot Fight Mode ya Cloudflare, imene imatha kuona seva ya Stripe ngati makina osafunika. Kuti mudziwe pamene uthenga unaimira, fufuzani mu logi ya seva:

```
grep "wc-api=wc_stripe" /var/log/nginx/access.log
```

Ngati Stripe ikuti inalandira 403 nthawi ya 14:05 koma mu logi mulibe mzere wa nthawi imeneyo, uthenga sunafike n'komwe pa seva yanu, ndipo kusinthasintha mapulagini a WordPress n'kungotaya nthawi. Stripe imafalitsa manambala a IP amene mawebuhuku ake amachokera, ndipo amenewo ndiwo oyenera kuwatsegulira njira. Kuzimitsa chitetezo chonse sindimakulimbikitsa, ngakhale kwa usiku umodzi. Ndipo ngati mu mndandanda wa Stripe mulibe uthenga uliwonse, osati wolephera ngakhale wopambana, onani ngati adiresiyo inalembedwa ku mbali ya ndalama zenizeni. Mbali yoyesera ndi mbali yeniyeni zili ndi mawebuhuku osiyana, ndipo anthu ambiri amakonza yoyeserayo n'kuiwala inzake.

Chimene miyezi yaonetsa n'chakuti vutoli limabwerera litavala malaya ena, ndipo limabwerera pa tsiku limene munthu wakhudza china chake: kusamutsa seva, kusintha dzina la tsamba, kuyatsa chitetezo chatsopano, satifiketi kutha. Mtundu wovuta kwambiri kuugwira ndi wa siginecha. Uthenga uliwonse umabwera ndi mutu wotchedwa `Stripe-Signature`, umene sitolo imauyesa ndi chinsinsi choyamba ndi `whsec_`. Adiresi iliyonse ya webuhuku ili ndi chinsinsi chakechake. Ndiye munthu akafafaniza adiresi yakale n'kupanga yatsopano, m'malo mongosintha yomwe ilipoyo, chinsinsi chimasintha, ndipo chakale chimene chili mu sitolo chimayamba kukana mauthenga onse. Wotchi ya seva nayonso ikhoza kuchita zomwezi, chifukwa malaibulale a Stripe amakana uthenga umene nthawi yake yasiyana ndi ya seva kupitirira mphindi 5. Choipa chake n'chakuti mapulagini ena amayankha ndi nambala yoyamba ndi 2 ngakhale akane siginecha, ndiye ku Stripe zonse zimaoneka zobiriwira pamene ma oda sakusuntha. Umboni wake umapezeka mu WooCommerce pa Status, Logs, ngati munayatsa kulemba logi mu pulaginiyo. Yankho la 200 limangotanthauza kuti uthenga unalandiridwa pa khomo, silitanthauza kuti oda yasintha.

Pa nkhani yobweza ma oda amene anatsalira, Stripe imachita mbali yake bwino, koma nthawi ili ndi malire. Uthenga wolephera imaubwereza yokha mpaka masiku 3, mipata ikumka italikirana. Ngati mwakonza adiresi mkati mwa masiku amenewa, mauthenga ambiri amafika okha. Akadutsa masiku atatuwo muyenera kutumizanso nokha, ndi batani la Resend mu Dashboard, limene limagwira mpaka masiku 15, kapena ndi Stripe CLI mpaka masiku 30:

```
stripe events resend evt_XXXX --webhook-endpoint=we_XXXX --live
```

Kupitirira masiku 30 uthengawo sumapezekanso kudzera mu API, ndipo chotsala ndi kusintha oda ndi manja. Adiresi ikamalephera masiku ambiri motsatizana Stripe imatumiza imelo yochenjeza, ndipo ikhoza kuizimitsa. Imelo imeneyi kawirikawiri imapita kwa munthu amene anatsegula akaunti zaka zapitazo, osati amene akuyang'anira sitolo lero. Onani komwe imapita.

Musanatumizenso uthenga wa oda imene ili pa Cancelled, onani kaye ngati katundu alipo. WooCommerce imalola oda yofafanizidwa kulandira malipiro n'kupita pa Processing, choncho mukhoza kupezeka mwalonjeza anthu awiri chinthu chimodzi. Onaninso ngati kasitomalayo sanalipirenso kachiwiri ataona kuti oda yake yafa, zomwe zimachitika, ndipo zikatero malipiro amodzi mwa awiriwo ayenera kubwezedwa. Amene analemba okha pulogalamu yolandira mawebuhuku adziwe kuti uthenga umodzi ukhoza kufika kawiri, ndipo mauthenga safika motsatira ndondomeko imene anachitikira. Sungani nambala iliyonse ya uthenga, yoyamba ndi `evt_`, imene mwaigwirira ntchito, yobwera kachiwiri muziyankha 200 osachitanso kanthu. Muziyankhanso msanga, ntchito zolemera monga kutumiza imelo ndi kupanga risiti zibwere pambuyo, chifukwa seva ikachedwa kuyankha Stripe imawerenga ngati kulephera.

Kuyerekeza mabuku kumene ndatchula poyamba kuja si ntchito yaikulu. M'mawa uliwonse tsegulani ma oda a dzulo amene ali pa Pending payment, Failed ndi Cancelled, n'kufufuza iliyonse ku Stripe ndi nambala ya oda kapena imelo ya kasitomala. Ngati kumeneko malipiro alembedwa Succeeded, webuhuku yadumpha. Pa sitolo yaing'ono izi ndi mphindi zochepa. Amene ali ndi ma oda ambiri akhoza kufunsa Stripe mwachindunji mauthenga amene sanafike:

```
curl -G https://api.stripe.com/v1/events -u "$STRIPE_KEY:" -d delivery_success=false
```

Lamuloli liikidwe kuti lizithamanga lokha, lizitumiza imelo mndandanda ukakhala ndi kanthu. Malire ake ndi akuti siligwira uthenga umene unayankhidwa 200 koma n'kukanidwa mkati, ndiye kuyang'ana ma oda kuja sikungasiyidwe.

Ena amathamangira kufafaniza nambala ya mu Hold stock kuti ma oda asamafe okha. Zimachepetsa mkwiyo wa makasitomala, inde, koma sizichiza webuhuku, ndipo ma oda a anthu amene sanalipiredi amangounjikana. Kwa ine nambalayo ikhalepo. Chimene ndimaumirira n'chakuti tsiku lililonse limene wina wakhudza seva, dzina la tsamba, satifiketi kapena chitetezo, ntchitoyo isatchedwe yatha mpaka atagula kanthu kotchipa ndi khadi lenileni, n'kuona mu mndandanda wa Webhooks kuti uthenga wa malipirowo wayankhidwa 200, komanso mu logi ya pulagini kuti siginecha yake sinakanidwe. Kungoona oda itapita pa Processing sikukwanira, chifukwa burawuza yanu yomweyo ikhoza kukhala kuti ndiyo yaisuntha.