SAS, ASA, RHS kapena palibe: kusankha lamulo pamene mathirayango awiri sanakuuzeni zonse

Ndikamachonga makope a ana a Fomu 2 ndi Fomu 3, cholakwika chimene ndimakumana nacho kwambiri si kuiwala malamulo osonyeza kuti mathirayango awiri ndi ofanana ndendende. Ana amawaloweza bwino ndithu, ndipo mukawafunsa amayankha ngati nyimbo: SSS, SAS, ASA, AAS, RHS. Vuto limabwera pamene mwana waona mbali ziwiri ndi ngodya imodzi pa chithunzi, n'kulemba SAS osayang'ana kuti ngodyayo yakhala pati. Amawerenga kuchuluka kwa zimene wapatsidwa, osati malo ake. Choncho ndikufuna tiike malamulowa pafupi, lina ndi linzake, tione chimene lililonse limafuna.

Tikamanena kuti mathirayango awiri ndi ofanana ndendende, tikutanthauza kuti mutadula imodzi ndi sizasi, ingakwane pamwamba pa inzake popanda chotsala, ngakhale mutafunika kuitembenuza. Thirayango ili ndi zinthu 6, mbali zitatu ndi ngodya zitatu, koma funso limakupatsani zitatu zokha. M'mayina a malamulo, S ndi mbali, A ndi ngodya, R ndi ngodya ya madigiri 90, ndipo H ndi haipotenusi, mbali yaitali yoyang'anizana ndi ngodya ya 90 ija. Muyeso wanga pa lamulo lililonse ndi umodzi: mutapatsa anthu awiri rula, kampasi ndi pulotirakita, n'kuwauza miyeso itatuyo, kodi angajambule mathirayango osiyana? Ngati angathe, palibe lamulo pamenepo.

SSS sindichedwapo. Mbali zitatu zikafanana, nkhani yatha, ndipo ngodya zilibe kothawira. Akalipentala amadziwa zimenezi ndi manja awo: matabwa atatu a denga akakhomedwa m'makona, sapendekeka, pamene felemu ya matabwa anayi imagwedera mpaka mutaipingasa ndi thabwa lina. AAA ndiye silamulo n'komwe. Mathirayango awiri onse angakhale ndi ngodya za madigiri 60, 60 ndi 60, koma ina mbali zake ndi za 3 cm, ina za 30 cm. Maonekedwe ndi amodzi, kukula n'kosiyana. Popanda mbali ngakhale imodzi, musalembe lamulo lililonse.

Pamene pali ntchito ndi pa mbali ziwiri ndi ngodya imodzi. Apa pali njira zitatu zofanana nkhope, SAS, SSA ndi RHS, ndipo yapakatiyo ndi msampha.

Tengani pepala tijambule limodzi. Poyamba tiuzidwe kuti AB = 10 cm, AC = 6 cm, ndipo ngodya A ndi 30°. Mbali ziwirizi zonse zikuchokera pa A, ndiye kuti ngodyayo yapanidwa pakati pake ngati mmene zala ziwiri zimapanira choko. Mukajambula AB, n'kuyeza madigiri 30 pa A, n'kudula 6 cm pa mzere watsopanowo, C mwamupeza ndipo alibe malo ena. Chatsala n'kulumikiza B ndi C basi, ndipo aliyense m'kalasi akayeza BC apeza pafupifupi 5.7 cm. Imeneyi ndiye SAS.

Tsopano manambala akhale omwewo, koma 6 cm isamuke: AB = 10 cm, ngodya A ndi 30°, BC = 6 cm. Jambulani AB, yezani madigiri 30 pa A, ndipo mzere wochoka pa A muutalikitse ndithu, chifukwa simukudziwa kuti C agwera pati. Tsegulani kampasi 6 cm, baya nsonga yake pa B, muzungulitse. Pensulo idula mzere uja pawiri. Malo oyamba ali pafupifupi 5.3 cm kuchokera pa A, achiwiri pafupifupi 12 cm. Onse awiri ndi C woona. Thirayango ina ndi yopyapyala, ngodya yake ya pa C ndi madigiri 124 kapena pafupi pamenepo, inayo ndi yotambasuka, ngodya ya pa C ndi pafupifupi madigiri 56. Zonse zili ndi 10 cm, 6 cm ndi madigiri 30, koma sizingakwanirane.

Ndimakonda kuti mwana aone yekha pensulo ikudula mzere kachiwiri, chifukwa akaona zimenezi sabwereranso kulemba SAS mwachisawawa. Chifukwa chake n'chosavuta kuchimva. Mtunda waufupi kwambiri kuchoka pa B kufika pa mzere uja ndi 5 cm, theka la 10, popeza sin 30° = 0.5. Kampasi ya 6 cm yapitirira 5, choncho ifika pa mzerewo n'kuudutsa, koma sinafike 10, choncho malo onse awiri agwera kutsogolo kwa A. Mukanatsegula 4 cm, pensulo sikanaukhudza mzerewo, thirayango sikanapezeka. Mukanatsegula 12 cm, kudula kwachiwiri kukanagwera kumbuyo kwa A, n'kutsala thirayango imodzi yokha. Ndiye n'zoona kuti nthawi zina SSA imapereka yankho limodzi, pamene mbali yoyang'anizana ndi ngodya yopatsidwayo ili yaitali kuposa inzake. Ana ochenjera amafunsa zimenezi, ndipo ndimawavomereza. Koma pa mayeso a MANEB ndimawauza kuti asalembe SSA ngati chifukwa, pakuti si limodzi mwa malamulo amene timaphunzitsa. Funso likaoneka ngati SSA, kawirikawiri pali chinthu china m'chithunzicho chimene sanachione.

RHS ndi m'bale wake wa SSA amene amaloledwa kulowa. Nayenso ngodya yake siili pakati pa mbali ziwirizo, koma poti ndi ya madigiri 90, mbali yachitatu imadziwika yokha. Haipotenusi ikakhala 13 cm ndipo mbali ina 5 cm, yotsalayo ndi 12 cm basi, chifukwa 13² − 5² = 144. Mwabwerera ku SSS mosadziwa. Chenjerani apa: kuona kabokosi ka madigiri 90 pa chithunzi sikutanthauza kuti lamulo ndi RHS. Ngati mbali zopatsidwa ndi ziwiri zazifupi zija zimene zapana ngodya ya 90, lamulo ndi SAS. RHS imafuna kuti imodzi mwa mbali ziwirizo ikhale haipotenusi, ndipo ikhale haipotenusi m'mathirayango onse awiri.

Nanga ngodya ziwiri ndi mbali imodzi? Pakati pa ASA ndi AAS palibe mkangano weniweni, n'chifukwa chake mabuku ena amaziphatikiza kukhala lamulo limodzi. Ngodya za thirayango zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 180, choncho wodziwa ziwiri akudziwa zonse zitatu. Mbali ikakhala pakati pa ngodya ziwirizo timati ASA, ikakhala kunja timati AAS. Komabe pali pogwera. Thirayango yoyamba ikhale ndi ngodya za 40° ndi 60°, ndi mbali ya 7 cm pakati pake, ndiye kuti ikuyang'anizana ndi ngodya yotsala ya 80°. Yachiwiri ikhalenso ndi 40° ndi 60° ndi 7 cm, koma mbaliyo ikuyang'anizana ndi 40°. Manambala ndi omwewo onse atatu. Koma mu yoyamba ija, mbali yoyang'anizana ndi 40° ndi pafupifupi 4.6 cm, osati 7. Yachiwiri ndi yaikulu kuposa yoyamba. Njira yotulukira ndi kufunsa nthawi zonse kuti mbali imeneyi ikuyang'ana ngodya iti, kuno ndi uko. Mayankho akasiyana, palibe ASA, palibenso AAS.

Pa mayeso si kawirikawiri kuti akupatseni manambala onse atatu poyera. Amakupatsani ziwiri, chachitatu n'kuchibisa m'chithunzi. Tione chithunzi chimodzi chokha chimene lamulo lake limasintha malinga ndi mawu a funso. Mizere AD ndi BC ikudutsana pa M, ndipo talumikiza A ndi B kumwamba, C ndi D kumunsi, ngati chilembo X chotsekedwa uku ndi uku. Mathirayango athu ndi AMB ndi DMC. Tisanawerenge n'komwe funso, tili kale ndi chinthu chimodzi chaulere: ngodya AMB ndi ngodya DMC n'zofanana, chifukwa zikuyang'anizana pamene mizere yadutsana.

Funso likati M ali pakatikati pa AD komanso pakatikati pa BC, tili ndi AM = DM ndi BM = CM. Mbali zonsezi zikukumana pa M, pamene pali ngodya yathu yaulere ija. SAS.

Likati AM = DM ndipo AB ndi CD ndi mizere yoyenda limodzi yosakumana, zasintha. Mbali tili nayo imodzi yokha, koma tapindula ngodya ina: BAM ndi CDM n'zofanana, zija ana amazizindikira ndi chilembo Z. Mbali AM ili pakati pa ngodya ya pa A ndi ya pa M, ndipo DM ili pakati pa ya pa D ndi ya pa M. Ndimafuna mwana alembe chonchi, chifukwa chilichonse pa mzere wake:

∠BAM = ∠CDM
AM = DM
∠AMB = ∠DMC
∴ ΔAMB ≡ ΔDMC (ASA)

Pambali pa mzere uliwonse aike chifukwa chake, chifukwa mamalikisi ambiri amakhala pamenepo. Ndipo zilembo azitsatanitse bwino: A wagwirizana ndi D, M ndi M, B ndi C. Akalemba ΔAMB ≡ ΔCMD, wanena kuti AM ndi wofanana ndi CM, zimene sanapatsidwe.

Koma funso likangoti AM = DM ndi AB = DC, imani kaye. Mbali ziwiri zilipo, ngodya ilipo, ndipo dzanja limafuna kulemba SAS. Ikani chala pa AM ndi china pa AB. Zalazo zikukumana pa A, pamene ngodya imene tikuidziwa ili pa M. Imeneyi ndi SSA, kampasi ija yodula pawiri. Pokhapokha atakuuzaninso kuti mizereyo yadutsana pa madigiri 90, m'pamene AB ndi DC zimasanduka mahaipotenusi, lamulo n'kukhala RHS.

Mwa onsewa, limene ndimalidalira popanda kuyang'ana kawiri ndi SSS lokha. SAS ndimaliyesa ndi zala ziwiri zija, ASA ndi AAS ndimafunsa kuti mbali ikuyang'ana ngodya iti, ndipo RHS ndimayamba ndafufuza haipotenusi. Ndisanasankhe, ndimadinda pa chithunzi zonse zobisika: mbali imene mathirayango awiri agawana, ngodya zoyang'anizana pa mphambano ya mizere, ndi mizere yochoka pakati pa seko kufika m'mphepete, imene nthawi zonse imakhala yofanana. Chimene sindilola mwana kudinda ndi chimene changooneka ngati chofanana ndi maso, pakuti zithunzi zambiri za pa mayeso sizijambulidwa motsata miyeso yeniyeni.