Mkaka, magineziyamu, omepurazo kapena mankhwala atatu: chipoletsa zilonda za m'mimba n'chiti?

Mlamu wanga amadula nzimbe ku Nchalo. Kwa miyezi ingapo ankadandaula za moto woyaka pamwamba pa mimba, pansi penipeni pa chifuwa. Akadya nsima masana ululu unkazima, koma pakapita maola awiri kapena atatu unkayambiranso, ndipo nthawi zina unkamudzutsa pakati pa usiku. Ululu wobwera ndi njala chotere kawirikawiri umaloza chilonda cha poyambira matumbo aang'ono. Chilonda cha m'chifu mwenimweni nthawi zambiri chimapweteka munthu akangodya. Njira zinayi zimene anayesa ndi zomwe ambirife timayesa, ndiye tiziyike pamodzi.

Chifu chimatulutsa asidi wogaya chakudya, koma mkati mwake chimadzimata ndi madzi onanda ngati therere kuti asidiyo asachiwotche. Chilonda chimabuka chotchinga chimenechi chikafooka, ndipo zochifooketsa zazikulu ndi ziwiri. China ndi kachilombo kotchedwa Helikobakita pailori, kamene ambiri timakatenga tili ana. Madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, ndiwo anasonyeza kuti kamayambitsa zilonda, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Chinacho ndi mankhwala opha ululu monga bulufeni, indosidi, dikulofenaki ndi asipirini. Mlamu wangayo ankameza bulufeni wa pagolosale pafupifupi tsiku lililonse chifukwa cha msana, nthawi zambiri m'mimba muli pululu. Tsabola ndi nkhawa zimangokolezera ululu, sizibowola chifu.

Anayamba ndi mkaka, ena n'kumuuza za soda wophikira therere. Mkaka umaziziritsa kwa kanthawi, kenaka umachititsa chifu kutulutsa asidi wina. Soda amazimitsa msanga koma amadzaza mpweya m'mimba, ndipo sayenera munthu wa kuthamanga kwa magazi. Magineziyamu wotafuna uja amaposa zonsezi, poti anapangidwira ntchito yomweyo yosukulutsa asidi, komabe mphamvu yake imatha ola limodzi kapena awiri. Onsewa ndi ongopumulitsa.

Omepurazo ndi wosiyana. Iyeyu amatseka timipope totulutsa asidi, chilonda n'kupeza mpata wopola. Mlingo wa masiku onse ndi mamiligalamu 20 kamodzi patsiku, theka la ola musanadye m'mawa, kwa masabata anayi ngati chilonda chili m'matumbo, asanu ndi atatu ngati chili m'chifu. Ngati wolakwa anali bulufeni yekha, kumusiya n'kumwa omepurazo kumakwanira, msana n'kumaupoza ndi panado. Koma ngati kachilombo kalimo, omepurazo payekha sakapha. Mlamu anapeza bwino mwezi wathunthu, atasiya kumwa moto unabwerera. Apa mpamene ambiri amagwa mphwayi n'kumati zilonda za m'mimba sizichizika.

Ine ndimaimira njira yachinayi, ya mankhwala atatu pamodzi, pamene kachilombo kapezeka. Kuchipatala anamuyeza chimbudzi atakhala masabata awiri osamwa omepurazo, chifukwa omepurazo amabisa kachilomboka ndipo zotsatira zitha kunama kuti mulibe. Katapezeka anamulembera omepurazo wa mamiligalamu 20, amokisilini galamu imodzi ndi kilarithiromaisini wa mamiligalamu 500, aliyense kawiri patsiku kwa masiku 14. Kwina m'malo mwa mmodzi wa awiri omalizawa amapereka fulajilo, makamaka m'malo mwa amokisilini kwa amene thupi lawo limadana ndi penisilini. Wa fulajilo asayandikire kachasu kapena mowa uliwonse, amasanza koopsa. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti mapiritsi amachuluka, m'kamwa mumawawa ngati mwanyambita chitsulo, ena amatsekula m'mimba. Tsiku lachisanu mlamu anafuna kusiya poti ululu unali utatha, mlongo wanga n'kumukakamiza mpaka kumaliza. Kusiyira panjira kumasiya tizilombo tolimba tosamvanso mankhwala omwewo. Pakatha mwezi mutamaliza ndi bwino kuyezetsanso.

Pali nthawi imene kuyerekeza konseku sikugwiranso ntchito. Chimbudzi chakuda bii chonanda ngati phula, kapena masanzi a magazi kaya ooneka ngati matsokwe a khofi, ndiye kuti chilonda chikutaya magazi. Ululu wadzidzidzi woopsa mimba itauma gwa ngati thabwa ndiye kuti chabowoka, ndipo pafunika opaleshoni tsiku lomwelo, kaya muli ku Ngabu kaya ku Bangula, thamangirani chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Wachikulire amene ululu wangomuyamba kumene, akuwonda kapena chakudya chikumutsamwa, asakhalire omepurazo: apemphe kalata yopita ku Queen Elizabeth ku Blantyre akamuunike m'chifu ndi kachubu ka kamera, chifukwa khansa ya m'chifu imayambanso ngati chilonda wamba.